Njinga yamoto ikamagogoda pachitunda, vuto limakhala lili pati?

Woyendetsa kabaza aliyense amene anakwerapo chitunda cha Thabwa, pochoka ku Chikwawa kupita ku Blantyre, akulidziwa phokoso ili. Dzuwa laswa mtengo, kumbuyo kuli munthu ndi thumba lake la chimanga, njinga ili m'giya yayikulu, ndipo ukangowonjezera moto injini imayamba kulira ngati mwaponyedwa timiyala m'chitini. Ukabweza moto phokosolo limaleka, ukawonjezeranso limabwerera. Ambiri amangoti njinga yatopa ndi katundu, ena amathamangira kwa makaniko kukamangitsa matapeti. Koma kawirikawiri sipakhala chitsulo chimene chamasuka. Chimene chikumvekacho ndi petulo amene akuphulika yekha m'silinda nthawi yake isanakwane, ndipo akalekereredwa amawononga pisitoni.

Mmene moto umayenera kuyakira

Njinga zambiri za kabaza zili ndi injini ya silinda imodzi. Pisitoni ikamatsika imakoka mpweya wosakanikirana ndi petulo kuchokera ku kabuleta, ikamakwera imaupanikiza. M'injini zazing'ono ngati zimenezi mpweyawo umapanikizidwa mpaka kukhala pamalo ochepa pafupifupi ka 9 poyerekeza ndi pamene unali poyamba. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, monga momwe pampu yopopera tayala imatenthera m'manja.

Pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba, pulagi imathetheka. Moto umayambira pamenepo n'kumayenda mwadongosolo mpaka m'mphepete mwa silinda, ngati moto wolusa m'tchire umene umadya udzu wapafupi usanafike wakutali. Kuyaka kotereku kumakankha pisitoni bwinobwino ndipo ndiko kumapereka mphamvu.

Vuto limakhala pa mpweya umene uli kumapeto, umene moto sunaufikire. Pamene ukudikira, ukupanikizidwa komanso kuwotchedwa ndi umene wayaka kale. Kutentha kukapitirira malire, sudikiranso moto wa pulagi koma umaphulika wonse nthawi imodzi. Kuphulikako kumamenya makoma a silinda, hedi ndi pisitoni, ndipo zitsulozo zimalira. Kugogoda kuja n'kumeneku.

Kuwonongeka kumabwera motere. Moto wa m'silinda umapitirira madigiri 2,000, pamene aluminiyamu amene amapangira pisitoni amasungunuka pa madigiri 660. Chimene chimateteza pisitoni ndi kampweya kopyapyala kozizirirapo kamene kamakhala kokangamira pamwamba pake. Kuphulika kuja kumasesa kampweyako, moto n'kukhudza chitsulo. Poyamba m'mphepete mwa pisitoni mumaoneka ngati mwajomoledwa ndi chiswe. Kenaka maringi amathyoka, gasiketi ya hedi imapsa, ndipo zikafika poipa pisitoni imabowoka.

Kusiyanitsa ndi maphokoso ena

Musanamasule bawuti iliyonse, mvetserani nthawi imene phokosolo likubwera. Kugogoda kwa petulo kumamveka injini ikatentha, ikamakoka katundu, ikamazungulira pang'onopang'ono koma moto uli wambiri. Mukatsitsa giya kapena kubweza moto kumatha nthawi yomweyo. Njinga itaima pasitandi, ngakhale muilize bwanji, nthawi zambiri sikumveka.

Matapeti omasuka amalira mosalekeza ngati wotchi yapakhoma, ngakhale njinga itangoima ikulira. Tcheni cha taimingi, pa injini zimene zili nacho, chimachita phokoso lokwekwereza. Bering'i ya koni rodi ikatha, phokoso lake limakhala lolemera, lochokera pansi pa injini, ndipo silitha chifukwa choti mwasintha giya. Makaniko amene akuweruza phokoso njinga ili pasitandi, osakwera nayo chitunda, akhoza kukukonzerani chimene sichinawonongeke.

Petulo wofooka

Mphamvu ya petulo yopirira kupanikizidwa osaphulika yekha imayezedwa ndi nambala ya okuteni. Nambala ikakwera, petuloyo amapirira kwambiri. Petulo wa pa malo omwetsera mafuta kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanolo wochokera ku zotsalira za nzimbe, amene amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanolo ali ndi okuteni wopitirira 100. Choncho petulo wabwino wa papampu sayenera kugogodetsa injini imene ili bwino.

Nkhani imasintha mafuta akasowa, anthu n'kumagula a m'zigubu ndi m'mabotolo m'mphepete mwa msewu. Ena mwa ogulitsawo amathiramo palafini kuti achuluke. Palafini ali ndi okuteni wotsika kwambiri, ndiye ngakhale wochepa amafooketsa thanki yonse. Komanso sapsa yense, amasiya mwaye, ndipo wina amatsetsereka m'makoma a silinda kukasungunula oyilo.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Donthezani mafutawo papepala loyera, kutali ndi moto ndi fodya, n'kudikira mphindi zingapo. Petulo weniweni amauma osasiya chizindikiro chooneka, pamene wa palafini amasiya banga ngati la mafuta ophikira. Ngati kugogoda kwayamba tsiku lomwe mwathira mafuta pamalo achilendo, musafufuzenso kutali. Khuthulani thanki, masulani kabawuti ka pansi pa kabuleta kuti otsala atuluke, n'kuthira abwino.

Petulo akhoza kukhala wabwino koma n'kumalowa wochepa. Oyendetsa ena amauza makaniko kuti atsitse singano ya kabuleta kapena aike jeti yaing'ono kuti njinga isamamwe mafuta. Mpweya ukachuluka kuposa petulo injini imatentha kwambiri ndipo imagogoda. Zimachitikanso chimodzimodzi ngati labala yolumikiza kabuleta ndi injini yang'ambika n'kumalowetsa mpweya. Umboni uli pa pulagi. Nsonga yake ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka zinthu zili bwino, koma ikayera mbuu ndiye kuti injini ikuvutika ndi ludzu.

Kaboni wochepa, vuto lalikulu

Kaboni ndi mwaye wouma umene umakangamira pamwamba pa pisitoni ndi m'hedi. Umachokera ku oyilo amene akudutsa maringi otha kapena masilo a mavalavu, ndipo chizindikiro chake ndi utsi wabuluu ku ekizozi. Fyuluta ya mpweya yong'ambika imafulumizitsa zimenezi chifukwa fumbi la m'misewu yathu limapala silinda ndi maringi.

Tiwerengere pa injini ya 150cc imene imapanikiza ka 9. Pisitoni ikafika pamwamba, malo otsala amakhala pafupifupi 19cc. Kaboni akatenga 2cc yokha, yosakwana theka la sipuni ya tiyi, malowo amatsala pafupifupi 17cc ndipo kupanikiza kumakwera kufika pafupifupi ka 10. Petulo yemwe uja, amene ankayenda bwino chaka chatha, tsopano sangapirire. Kuwonjezera apo kaboni amasunga kutentha, ndipo nsonga zake zikafiira ngati khala zimayatsa petulo pulagi isanathetheke. Injini ikamapitiriza kulira pang'ono mutazimitsa kale kiyi, ganizirani zimenezi.

Kaboni amasonkhana pang'onopang'ono, choncho kugogoda kwake kumakula m'miyezi, sikubwera tsiku limodzi. Pochotsa, makaniko amasule hedi, akweze pisitoni pamwamba, apale ndi kamtengo kolimba kapena pulasitiki, osati sikulu dalaivala imene imakanda aluminiyamu. Aike gasiketi yatsopano yochindikala ngati yoyamba, pakuti yopyapyala imawonjezeranso kupanikiza. Ndipo ngati maringi otha sanasinthidwe, kaboniyo abweranso.

Taimingi yofulumira

Popeza moto umatenga kanthawi kuti ufalikire, pulagi imathetheka pisitoni isanafike pamwamba. Pa injini za mtundu wa Honda CG, zimene njinga zambiri za ku China zinatengerako, imathetheka madigiri pafupifupi 15 pamwamba pasanafike pamene injini ikulira pang'ono, ndipo imafika cha pa 35 ikathamanga. Chimene chimasintha nthawiyi ndi kabokosi ka CDI, kamene kamalandira uthenga kuchokera ku kakoyilo ka pambali pa maginito.

Kuthetheka kukafulumira mopitirira, moto umakula pisitoni ikadakwera, mpweya wakumapeto uja umapanikizidwa kwambiri n'kuphulika. Pa njinga zimenezi taimingi simasuntha yokha kawirikawiri. Imasokonekera pakaikidwa CDI ya njinga ina kapena zija amati zowonjezera liwiro, kakoyilo kaja kakasunthidwa, kapena kakiyi kogwira maginito pa kilanki kakadulika. Chizindikiro chodziwika ndi kiki imene imabweza mwendo poliza.

Pa maginito pali zilembo ziwiri zooneka pa kabowo ka m'mbali mwa injini. T ndi pamene pisitoni ili pamwamba penipeni, F ndi pamene pulagi iyenera kuthetheka injini ikamalira pang'ono. Ndi nyali yoyezera taimingi, F ayenera kulingana ndi kamzere ka pabowopo. Koma kakiyi kakadulika zilembozo zimasuntha pamodzi ndi maginito, ndiye nyali imaonetsa ngati zonse zili bwino. Makaniko wodziwa amachotsa pulagi n'kutsimikiza kuti pamene T walingana, pisitoni ilidi pamwamba.

Kufufuza mwadongosolo

Tiyerekeze njinga ya 150cc imene yakhala ikugogoda pachitunda kwa milungu itatu. Mwini wake wathira petulo wa papampu kawiri koma palibe kusintha, ndiye mafuta achoka pamndandanda. Makaniko akumasula pulagi n'kupeza kuti nambala yake ndi yoyenera, D8, mpata wake uli pakati pa 0.6 ndi 0.7 mm, koma ndi yakuda ndi yonyowa oyilo. Kiki sibweza mwendo, CDI ndi yomwe inabwera ndi njinga, F akulingana. Apa taimingi yachokanso. Akuunika ndi tochi pa bowo la pulagi n'kuona chikhungwa chakuda pa pisitoni, ndipo ku ekizozi kukutuluka utsi wabuluu. Tsopano pali chifukwa chotsegulira hedi ndi kusintha maringi.

Dongosolo lake ndi limenelo. Mafuta ndi pulagi zimayezedwa ndi ndalama zochepa, taimingi imafuna chida, ndipo kutsegula injini kumabwera pomaliza. Pamene mukudikira tsiku lopita kwa makaniko, musaikakamize njinga pachitunda ili m'giya yachinayi. Tsitsani giya injini izizungulira momasuka, onani kuti oyilo ndi wokwanira, ndipo chotsani matope m'zipsepse za silinda, chifukwa injini zimenezi zimazizira ndi mphepo yokha. Kumadera otsika ndi otentha monga Nsanje ndi Chikwawa, kumene mpweya ndi wolemera kuposa wa ku Dedza, injini yomweyo imagogoda msanga, choncho katundu amene inanyamula kumapiri popanda vuto akhoza kuipweteka kuchigwa.