Kudula Mawu a Munthu Osadula Tanthauzo

Mu 1983 mtolankhani wa ku America, Janet Malcolm, analemba nkhani yaitali m'magazini ya The New Yorker yonena za Jeffrey Masson, katswiri yemwe anachotsedwa ntchito kumalo osungira zolemba za Sigmund Freud. Malcolm anajambula macheza awo pa tepi kwa maola oposa 40. Nkhaniyo itatuluka, Masson anakasuma kukhoti, akudandaula kuti anamuika m'kamwa mawu amene sanalankhule.

Limodzi mwa madandaulowo linali la kudula mawu chabe. Pa tepi, Masson anasimba momwe mkulu wa malowo, Kurt Eissler, anamupemphera kuti asadandaule poyera za kuchotsedwa kwake. Eissler anati kukhala chete ndiko kwaulemu, kudzamupewetsa manyazi, ndipo mwina patapita zaka adzamubwezera pa ntchito. Masson anamaliza ndi kunena kuti Eissler anapempha munthu wolakwika. M'magazini, zifukwa ziwiri zomalizazo zinasowa. Chotsala chinamveka ngati Masson akunena yekha kuti si munthu wochita zaulemu, pomwe pa tepi ankakana kutsekedwa pakamwa ndi lonjezo la ntchito.

Khoti lalikulu la dzikolo linagamula mu 1991 kuti kusintha mawu a munthu pakokha si umboni woti mlembi wanama dala, pokhapokha ngati kusinthako kwasintha kwenikweni tanthauzo la zomwe munthuyo ananena. Malcolm anadzapambana mlanduwo mu 1994, koma atazingwa nawo zaka khumi.

Oweruzawo anavomereza chinthu chimene aliyense amene anakoperapo zojambulidwa amachidziwa: munthu salankhula monga alembera. Amayamba chiganizo n'kuchisiya panjira, amabwereza, amadzikonza. Tiyerekeze kuti mtolankhani wafunsa mayi wina mlimi za mbewu yatsopano ya chimanga, ndipo pa pepala patuluka izi:

"Eee, mbewu ija, ujeni, tinadzala mu Novembala, ayi mu Disembala, eya Disembala. Inachita bwino ndithu, inachita bwino, koma nanga mvula chaka chino inagwa bwino. Ndiye kaya. Akuti imapirira chilala, akuti, ife sitinaonebe."

Zina zikhoza kuchoka popanda kulakwira mayiyu. "Eee" ndi "ujeni" ndi phokoso la munthu amene akusaka mawu. Novembala anamukana yekha, choncho atsale Disembala. Kubwereza "inachita bwino" kukhoza kukhala kamodzi. Mawu okonzedwa bwino angakhale awa: "Mbewu ija tinadzala mu Disembala. Inachita bwino ndithu, koma nanga mvula chaka chino inagwa bwino. Akuti imapirira chilala, ife sitinaonebe."

Ngozi ili pa timawu ting'onoting'ono tooneka ngati zinyalala. Mlembi wofulumira akhoza kulemba kuti, "Mbewu ija inachita bwino ndithu. Imapirira chilala." Liwu lililonse pamenepa linatulukadi m'kamwa mwa mayiyu, komabe ndi bodza. Pochotsa "akuti", mlembi wasandutsa mphekesera kukhala umboni wa mayiyo. Pochotsa "koma nanga mvula", wabisa kukayika kwake kuti mwina ndi mvula imene inathandiza, osati mbewu. Mayi amene ankasamala polankhula watuluka ngati wotsatsa malonda, ndipo mlimi mnzake akagula mbewuyo chifukwa cha mawu amenewa, mlandu ndi wa mlembi. "Mwina", "kaya", "ngati", "koma" ndi "si-" wokanira amayenera kuganiziridwa kawiri asanafufutidwe.

Palinso kulumikiza. Munthu angathe kunena chinthu poyamba pa macheza, n'kunena china chofanana nacho patapita theka la ola poyankha funso losiyana. Kuziphatika pamodzi ngati chiganizo chimodzi kumapanga yankho limene sanapereke. Njira yachilungamo ndiyo kutseka mawu oyambawo, mlembi n'kufotokoza yekha funso lachiwiri, kenako n'kutsegula mawu ena. Podula pakati pa chiganizo, timadontho titatu timachenjeza wowerenga kuti pachoka kanthu, ngakhale sitipereka chilolezo chochotsa chifukwa chimene munthu anapereka.

Nthawi zina yankho limakhala losokonekera kotero kuti kulikonza kungafune mawu atsopano. Apo mlembi achotse zizindikiro zogwira mawu, alembe m'mawu ake kuti mayiyo anati sanaone ngati mbewuyo imapirira chilala. N'chimodzimodzinso ngati munthu amasakaniza Chichewa ndi Chingerezi: zimene mlembi wamasulira zidziwike kuti zamasuliridwa.

Asanatumize nkhani kwa mkonzi, mlembi wosamala amalemba pambali pa mawu aliwonse mphindi imene akupezeka pa chojambulira. Kenako amamvetseranso malowo, kuyambira pa funso mpaka masekondi angapo yankho litatha, pepala lili m'manja, chifukwa "koma" wosintha zonse amakonda kubwera munthu atapuma kaye.