Webusayiti ya bungwe iyambire pa timapepala

Mabungwe ambiri a m'madera akapeza kandalama kopangira webusayiti amathamangira kwa katswiri wa makompyuta, n'kumupatsa malamulo a bungwe, zithunzi ndi mayina a komiti. Katswiriyo amakonza zomwe wapatsidwa. Zotsatira zake timazidziwa: mawu a wapampando, masomphenya, mbiri, nthambi. Mayi amene akufuna kudziwa tsiku lolembetsa mwana ku mkombaphala amatsegula, kufufuza, bandulo n'kumuthera asanapeze kanthu.

Vuto limakhala pa menyu, mndandanda wa mitu umene mlendo amadina kuti apite pa tsamba lomwe akufuna. Pa foni menyu imabisala kuseri kwa timizere titatu pakona, ndipo munthu akaitsegula amaiyang'ana kamphindi chabe. Ikatsata m'mene bungwe limadzionera, imathandiza komiti yokha. Iyenera kutsata mafunso a anthu obwera.

Tiyerekeze bungwe lina ku Dedza lomwe lili ndi mkombaphala, magulu a banki mkhonde ndi nazale ya mitengo. Lisanalipire aliyense, likhale pansi n'kufunsana kuti kodi amatifuna ndani, ndipo amatifunsa chiyani? Yankho lili kale mu foni ya mlembi. Makolo amafunsa za kulembetsa ana. Amayi amafunsa m'mene angalowere gulu. Ofuna kuthandiza amafunsa kotumiza ndalama, pomwe mabungwe akuluakulu amafuna umboni wakuti bungwe ndi lolembetsedwa komanso lipoti la chuma.

Funso lililonse lilembedwe pa kapepala kakekake. Tinene kuti tatuluka 30. Timapepalato tiperekedwe kwa anthu asanu omwe sali m'komiti, aliyense payekha, aunjike tomwe akuona kuti timayendera limodzi, kenako mulu uliwonse aupatse dzina. Apa m'pamene pamatuluka nzeru. Komiti ingaganize kuti nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ndi ya pansi pa "Zachuma", poti ndi ya msungichuma. Koma anthu anayi mwa asanu akaiika pamodzi ndi "kudzipereka" ndi "kupereka ufa wa phala", ndiye kuti mutu wake ndi "Tithandizeni". Komiti isatsutse, chifukwa amene adzafufuze nambalayo si komiti.

Miluyo ikakhazikika, menyu ya bungweli ingaoneke chonchi:

```
Poyambira
Ntchito zathu
   Mkombaphala
   Banki mkhonde
   Nazale
Tithandizeni
Za ife
Tipezeni
```

Mitu ndi isanu, ndipo umodzi wokha ndiwo uli ndi nthambi. Mawu a wapampando sanatayidwe, alowa mu "Za ife" pamodzi ndi satifiketi ndi malipoti. Ine ndimaumirira kuti nthambi zisaberekenso nthambi zina, chifukwa pa foni yaing'ono chala chimaphonya ndipo munthu amasochera. Mitu monga "Zina ndi zina" ikanidwe: ndi chizindikiro chakuti pali timapepala tomwe sitinapeze kwawo.

Tsopano menyu iyesedwe ikadali papepala. Itanani anthu ena atsopano, muwaonetse mitu isanu ija yokha, muwafunse kuti, "Mukufuna kulembetsa mwana, mudina pati?" Musawalozere. Atatu mwa asanu akaloza "Tipezeni" m'malo mwa "Ntchito zathu", olakwa si iwo. Mwina dzina la mutu silikumveka, mwina nkhani ya mkombaphala ndi yaikulu moti iyenera kukwera pamwamba payokha. Kukonza apa kumangofuna cholembera.

Webusayiti ikamangidwa, kusuntha tsamba kumakhala ndi mtengo wake. Tsamba lililonse lili ndi adiresi, monga `/ntchito/mkombaphala`. Adiresiyo ikafalikira m'magulu a WhatsApp kapena kusindikizidwa pa zikalata, ndiye inu n'kuisintha popanda kulozera ku yatsopano, odina linki yakale amakumana ndi uthenga wa `404`, kutanthauza kuti tsambalo silikupezeka. Nkhani ya chilankhulo nayonso igamulidwe pomwepa. Chichewa ndi Chingelezi pamodzi ndiye kuti tsamba lililonse lilembedwa kawiri, ndipo likasintha lizikonzedwa kawiri.

Chomaliza n'chimene makomiti amachizemba. Pambali pa tsamba lililonse palembedwe dzina la mwini wake ndi nthawi yomwe azidzaliona. "Tipezeni" ndi la mlembi, nambala ikasintha akonze tsiku lomwelo. Lipoti la chuma ndi la msungichuma, kamodzi pachaka. Tsamba la "Nkhani" aliyense amalikonda pamsonkhano, koma limafuna munthu wolemba mwezi ndi mwezi. Wothandiza akapeza kuti nkhani yomaliza ndi ya zaka ziwiri zapitazo amaganiza kuti bungwe linatha, ngakhale ana akumwa phala tsiku lililonse. Ngati palibe amene wavomera kulisamala, tsambalo lichotsedwe pa pulani, ndipo katswiri aitanidwe pepala lija litasainidwa ndi komiti yonse.