Nambala ya pa bokosi la NVMe ndi yoona, koma si ya ntchito iliyonse

Pa bokosi la disiki ya SSD ya mtundu wa SATA amalemba kuti imawerenga mamegabayiti 550 pa sekondi. Pa la NVMe amalemba 3,500, kapena 7,000 ikakhala ya makono. Wogulitsa akakuonetsani nambala zimenezi mumaona ngati kompyuta yanu idzayamba kuthamanga kasanu ndi kamodzi kuposa kale. Nambalazo si zabodza ayi, koma anthu ambiri akafika kunyumba ndi kuikamo disiki yatsopanoyo, amapeza kompyuta ikuyaka pafupifupi pa nthawi yomwe ija.

Ma disiki awiriwa amasunga zinthu mofanana, m'timatchipi topanda chozungulira chilichonse, ndipo nthawi zina timatchipito timakhala ta mtundu umodzi. Chosiyana ndi njira imene zinthu zimadutsa pochoka m'disiki kupita ku purosesa. SATA inapangidwira ma hadi disiki akale aja, a mbale yozungulira ndi kasingano kowerenga. Mtundu wake wachitatu, umene unatuluka mu 2009, umanyamula magigabiti 6 pa sekondi, koma pa mabiti 10 aliwonse odutsa pa waya, 8 okha ndiwo katundu weniweni. Zikatero pamatsala mamegabayiti 600, ndipo mukachotsapo zina zoyendetsera ntchito mumafika pa 550 paja. Ndiye chifukwa chake ma SSD a SATA a makampani osiyanasiyana onse amaima pa nambala imodzimodziyo. Hadi disiki ya mu laputopu, imene imangokwanitsa mamegabayiti 100 kapena kupitirirapo pang'ono, sinkafika n'komwe pa malire amenewa. Timatchipi tinawafika mosavuta.

NVMe, imene malamulo ake oyamba anatuluka mu 2011, inaisiya njira ya SATA n'kulumikiza disiki ku PCIe, njira imene khadi ya zithunzi za magemu imadutsamo. PCIe imagawidwa m'mizere, ndipo disiki ya NVMe kawirikawiri imatenga inayi. Pa PCIe 3.0 mzere umodzi umanyamula pafupifupi mamegabayiti 985 pa sekondi, choncho inayi imapereka 3,500 zina zikachotsedwa. PCIe 4.0 imawirikiza kawiri, n'kufika pa 7,000.

Palinso nkhani ya kalandiridwe ka malamulo. SATA imagwiritsa ntchito dongosolo lotchedwa AHCI, limene lili ndi mzere umodzi wokha wa malamulo 32. Zili ngati banki ya zenera limodzi: ngakhale ndalama zitadzaza kumbuyoko, onse adutsa pa kalaliki mmodzi yemweyo. Kwa hadi disiki zinali zokwanira, poti kasingano kake kamawerenga malo amodzi pa nthawi imodzi. Koma SSD ili ndi timatchipi tambiri totha kugwira ntchito pamodzi, ndipo NVMe imalola mizere yoposa 65,000, mwakuti chigawo chilichonse cha purosesa chimatha kukhala ndi wakewake. Vuto ndi loti kunyumba bankiyo sidzaza. Munthu wotsegula kalata kapena wosakatula pa intaneti amatumiza lamulo limodzi kapena awiri pa nthawi imodzi. Mazenera ochulukawo amapindulira makompyuta akuluakulu otumikira anthu zikwizikwi.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Nambala ya pa bokosi ndi ya kuwerenga fayilo imodzi yaikulu mondondoza. Windows ikamayaka sichita zimenezo. Imatola tizidutswa tating'onoting'ono, ta makilobayiti 4 kapena kupitirirapo, tomwazika ponseponse, ndipo nthawi zambiri imadikira kamodzi kafike isanapemphe kena. Pa ntchito yotereyi ma disiki onse awiri amatsika kufika pa mamegabayiti osakwana 100 pa sekondi. NVMe imatsogolabe, koma mwina kawiri kokha, ndipo nthawi yambiri yoyatsa kompyuta imathera kwina, pa purosesa ndi pa kuyang'ana zida. Mukaima ndi wotchi mupeza kusiyana kwa sekondi imodzi kapena awiri. Kudumpha kwenikweni kuli pochoka pa hadi disiki. Kasingano kamatenga pafupifupi mamilisekondi 10 kuti kapeze kachidutswa kamodzi, pamene SSD iliyonse, ngakhale ya SATA, imakapeza m'gawo limodzi mwa magawo khumi a milisekondi.

Tiyerekeze munthu wojambula mavidiyo a ukwati amene wabwera kunyumba ndi magigabayiti 100. Choyamba akopera kuchoka pa khadi ya kamera. Khadi wamba ya SD imatulutsa pafupifupi mamegabayiti 90 pa sekondi, ndiye ntchitoyi itenga mphindi 18 kapena 19, kaya kompyutayo ili ndi SATA kaya NVMe, chifukwa wochedwetsa ndi khadi. Akafuna kusungira kopi pa disiki yakunja kudzera pa USB 3.0, malire ake ndi mamegabayiti 400 kapena 450, zimene SATA imakwanitsa bwinobwino. Koma akhale ndi ma disiki awiri mkati mwa kompyuta, n'kumasamutsa mafayilowo kuchoka pa ina kupita pa inzake: pa SATA, pa liwiro la 500, zitenga mphindi 3 ndi masekondi 20, pa NVMe, pa liwiro la 3,000, masekondi 33. Kwa munthu wochita zimenezi kangapo pa tsiku, kapena wodula vidiyo ya makamera angapo nthawi imodzi, ndalama ya NVMe siipita pachabe.

Masekondi 33 amenewo ali ndi chenjezo lake. Ma SSD ambiri amapatula kagawo kolandirira katundu mwachangu, kenaka n'kumasamutsira m'malo mwake pang'onopang'ono. Kagawoko kakadzaza liwiro limagwa mwadzidzidzi, ndipo pa ma NVMe otchipa limatha kutsika kuposa la SATA yabwino. Mudzazindikira poona mzere wa pa sikirini uja: umayamba pamwamba, kenaka n'kugwa n'kukhazikika pansi. Disiki ikakhala yodzaza, kagawoko kamachepa. Kutentha nakonso kumachita chimodzimodzi. NVMe ikafika madigiri 70 kapena 80 imadzichepetsera liwiro yokha kuti isaonongeke, ndipo mu laputopu yopyapyala, mwezi wa Okutobala, sizitenga nthawi kufika pamenepo.

Za kutsitsa mafilimu pa intaneti tisachedwe nazo. Intaneti ya mamegabiti 20 imabweretsa mamegabayiti 2.5 pa sekondi, zimene ngakhale hadi disiki yakale imalandira mosavuta.

Kumene anthu amalakwitsa kwambiri ndi pogula. M.2 ndi kaonekedwe chabe, kathabwa kotalika mamilimita 80 ndi 22 m'lifupi, ndipo pali ma M.2 amene mkati mwake ndi SATA. Otere kawirikawiri amakhala ndi mipata iwiri polumikizira, pamene NVMe imakhala ndi umodzi. Malaputopu ena akale ali ndi malo a M.2 olandira SATA yokha, moti mukaikamo NVMe kompyuta siiona n'komwe. Yang'anani buku la makina anu musanapereke ndalama. Disiki ya PCIe 4.0 mukaiika pa malo a 3.0 igwira ntchito, koma iima pa 3,500. Kuti mudziwe imene muli nayo pano, tsegulani PowerShell ndi kulemba izi:

```
Get-PhysicalDisk | Select FriendlyName, MediaType, BusType
```

Pansi pa MediaType pakalembedwa HDD, gulani SSD iliyonse imene makinawo angalandire. Pakakhala SSD kale, tsegulani Task Manager pa nthawi imene kompyuta ikukuchedwetsani, mupite pa Performance. Ngati Active time ya disiki ili pa 100% kwa nthawi yaitali pamene memori ili ndi malo, NVMe ikhoza kuthandiza. Ngati disiki ikungokhala koma Memory yadzaza, ndalamayo igule memori. Ndipo pogula kompyuta yatsopano yolandira zonse ziwiri, mitengo ikayandikana monga imachitira kawirikawiri masiku ano, tengani NVMe, bola musachepetse kukula kwa disiki pofuna liwiro.