Chala chachikulu chikakudzutsani pakati pa usiku

Tiyerekeze bambo wa zaka 48 amene amamwa mankhwala a BP. Loweruka anali ku ukwati, kumene anadya chiwindi chootcha n'kumwerapo mowa. Anagona bwinobwino, koma cha m'ma 2 koloko usiku anadzidzimuka chala chachikulu chakuphazi chikuwawa ngati achiika pamakala. Patsinde pa chalacho panali potupa, potentha ndi ponyezimira, moti ngakhale bulangete likangokhudzapo ankabuula. Sanapunthwe paliponse. Bamboyu ayenera kuti wagwidwa ndi gauti, koma pali mavuto ena awiri amene amaoneka chimodzimodzi, ndipo lina mwa iwo likhoza kuwononga chala m'masiku ochepa.

Gauti ndi mtundu wa nyamakazi umene umabwera chifukwa cha asidi wotchedwa yuriki. Thupi limapanga asidiyu tsiku lililonse ndipo impso zimamutaya mumkodzo. Akachuluka m'magazi kupitirira pafupifupi mamiligalamu 6.8 pa desilita, amayamba kuundana n'kukhala timiyala tosongoka ngati singano m'malo olumikizana mafupa. Timiyalati timapangika msanga pamalo pozizira, n'chifukwa chake chala cha kuphazi, chimene chili kutali ndi mtima, ndicho chimayamba kuvutika. Usiku thupi limaziziranso pang'ono ndipo munthu amatha maola ambiri osamwa madzi.

Mowa, nyama yofiira ndi zam'kati monga chiwindi ndi impso zimakweza asidiyu. Mankhwala ena okodzetsa a BP amalepheretsa impso kumutaya mokwanira, chimodzimodzinso pirazinamaidi, amene ali m'gulu la mankhwala a TB. Munthu asasiye yekha mankhwalawa, koma awatchule kwa dokotala. Chizindikiro chachikulu cha gauti ndi liwiro lake: ululu umafika pachimake pasanathe maola 24, kenako umazirala pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, n'kudzabweranso patsogolo.

Tsopano tiyerekeze kuti bambo yemweyu ali ndi shuga, ndipo masiku apitawo anabayidwa ndi minga kapena anachotsa thekenya ndi phini. Apa nkhani yasintha. Majeremusi amalowera pabala ngati limeneli n'kufika mkati mwa mfundo, ndipo nthawi zina amafikako kudzera m'magazi popanda bala looneka. Kutupa kwake kumakulirakulira tsiku ndi tsiku, kufiira kumakwera kuphazi, mwanabere amatuluka m'mphechepeche, munthu amanjenjemera ndi kutentha thupi. Mafinya akakhazikika mumfundo amadya chichereŵechereŵe, ndipo chikadyeka sichibwerera. Amene ali ndi shuga, HIV kapena chitetezo chofooka asadalire kutentha thupi kokha, poti mwina sikubwera n'komwe. Chala chotupa ndi chotentha chotere n'chopita nacho kuchipatala tsiku lomwelo.

Kuvulala kumakhala ndi mbiri yake. Munthu amakumbukira kuti anapunthwa pachitsa, anagwetseredwa njerwa kapena anamenya pansi posewera mpira. Magazi amaundana pansi pa khungu kapena pa chikhadabo, ululu umakula akaponda kapena akadina fupa, ndipo umachepa akapumitsa phazi, pomwe gauti amawawa ngakhale munthu atagona chete. Ekisire imaonetsa ngati fupa lathyoka. Komabe kupunthwa pang'ono kumatha kudzutsa gauti, ndipo munthu amene shuga anamuchititsa dzanzi kumapazi akhoza kuvulala osadziwa.

Kuyeza magazi pakokha sikuthetsa nkhani, chifukwa asidi wa yuriki akhoza kuoneka wabwinobwino pa nthawi imene chala chikuwawa kwambiri, ndipo anthu ambiri amene ali naye wochuluka sadwala gauti. Pakakhala chikaiko, dokotala amapopa timadzi ta mumfundo ndi jakisoni n'kuona ngati muli timiyala tija kapena majeremusi. Nthawi zina zonse ziwiri zimapezeka pamodzi.

Kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Gauti amazizira ndi bulufeni, kolichisini kapena pulediniselo, ngakhale bulufeni ndi woopsa kwa amene ali ndi vuto la impso kapena zilonda zam'mimba. Asipulini si woyenera pa ululu umenewu. Alopurino sathetsa ululu wa usiku uja, ntchito yake ndi kutsitsa asidi pang'onopang'ono mpaka pansi pa mamiligalamu 6, ndipo amamwedwa tsiku lililonse kwa nthawi yaitali. Koma mankhwala onsewa sapha majeremusi. Pulediniselo akhoza kubisa zizindikiro mafinya akupitiriza kudya mfundo.

Choncho usiku umenewo kwezani phazi pa pilo, ikanipo nsalu yozizira, imwani madzi, ndipo musatemepo mphini, chifukwa lumo limatsegulira majeremusi khomo. Kukacha pitani kuchipatala ndi mankhwala onse amene mumamwa, ndipo mukafotokoze bwino nthawi imene ululu unayamba, ngati munapunthwa, ndiponso ngati paphazipo panali bala.