Kalata yothetsa kontrakiti: masiku awerengedwe bwino

Tiyerekeze kuti sukulu ina yogonera konko idasainirana kontrakiti ndi wamalonda kuti azibweretsa matumba 40 a nyemba mwezi uliwonse kwa chaka chathunthu. Kawiri konse wabweretsa nyemba zofumbwa, ndipo ulendo wachitatu watsitsa matumba 25 okha. Akuluakulu a sukulu atopa naye, akufuna kumusiya.

Asanalembe chilichonse, atsegule kontrakitiyo pa ndime yonena za kathetsedwe ka mgwirizano. Makontrakiti ambiri amapereka njira ziwiri. Ina imalola mbali iliyonse kuchoka popanda kutchula chifukwa, bola ipereke notisi, tinene ya masiku 30. Inayo imagwira ntchito mnzako akaphwanya pangano, koma kawirikawiri imafuna kuti uyambe wamulembera kalata yomuchenjeza, n'kumupatsa masiku oti akonze cholakwacho, mwina 14.

Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Ngati wamalondayo walandira chenjezo pa 3 Malichi, ndipo kontrakiti ikuti masiku ayambe kuwerengedwa tsiku lotsatira, nthawi yake ikutha pa 17 Malichi. Sukulu ikapsa mtima n'kumuthamangitsa pa 12, yaphwanya pangano ndi iyoyo. Munthu uja, ngakhale adabweretsa nyemba za anankafumbwe, akhoza kukasuma kukhoti kuti alipidwe phindu lomwe akadapeza m'miyezi yotsalayo.

Nthawi ikatha osakonza kanthu, kalata yothetsa mgwirizano isakhale ya mawu ambiri. Itchule kontrakitiyo ndi tsiku lomwe idasainidwa, nambala ya ndime yomwe sukulu ikutsamira, ndi tsiku lenileni lomwe mgwirizano ukutha. Zolakwa zilembedwe zogwirika: tsiku lakutilakuti adabweretsa matumba 25 m'malo mwa 40, ndipo wosunga sitolo adalemba zimenezo pa pepala lolandirira katundu. Mawu oti "ntchito yanu sikutisangalatsa" sangathandize pamaso pa woweruza. Asaine ndi munthu amene ali ndi mphamvu zoimira sukulu.

Katumizidwe kake nakonso kali ndi ndime yake. Ngati kontrakiti ikuti kalata iperekedwe pamanja ku adiresi yolembedwamo, uthenga wa pa WhatsApp sukwanira. Wotumidwayo atenge makope awiri, wolandira asaine imodzi, alembepo tsiku ndi kudindapo chidindo.

Kuthetsa mgwirizano sikufafaniza ngongole. Matumba abwino omwe sukulu idalandira iwalipire, ndipo kalatayo inene kuti sukulu sikutaya ufulu wake wofuna chipukutamisozi pa zomwe idaluza. Komanso tsiku lothetsa likadutsa, isalandirenso thumba n'limodzi lomwe, chifukwa wamalondayo adzati mgwirizano ukadalipo.

Ine ndimaona kuti pamene zolakwa zili zovuta kutsimikiza, ndi bwino kungotsata njira ya notisi ya masiku 30 ija ngati ilimo. Imachedwerapo, koma sipatsa mnzako pogwira. Ndipo ngati kontrakiti yanu ndi ya ndalama zambiri, muonetseni loya kalatayo musanaitumize.