Mwangofotokoza, Simunasanthule

Mtsikana wina wa chaka chachiwiri pa yunivesite ku Zomba analandira nkhani yake ya kuukira kwa John Chilembwe itachongedwa, pansi pake aphunzitsi atalemba kuti wangofotokoza, sanasanthule. Iye anali atandandalika zonse bwinobwino: Januwale 1915, Mbombwe, imfa ya William Jervis Livingstone ku Magomero. Chimene chinasowa ndi funso loti chifukwa chiyani.

Polembanso, anayerekeza zifukwa ziwiri, thangata la m'minda ya azungu ndi kutengedwa kwa anthu akuda kupita ku nkhondo ya 1914. Anatsimikiza kuti thangata ndilo linali muzu, pakuti madandaulo ake anayamba nkhondo isanabuke, ndipo nkhondoyo inangokolezera moto. Masiku ndi malo zija anazisiya m'mizere itatu yokha, ngati umboni.