"Ndiyambe bwanji mankhwala pomwe sindikudwala?"

Funso limeneli anamwino a ku kiliniki za ma ARV amalimva kawirikawiri, makamaka kuchokera kwa atsikana amene anangopita kukayezetsa ali bwinobwino. Kale funsoli linali ndi yankho lina. Pomwe boma la Malawi linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, munthu ankadikira kuti adwale kapena chitetezo cha m'thupi chitsike kaye. Mu 2011 amayi oyembekezera ndi oyamwitsa anayamba kulandira mankhwala akangopezeka ndi kachilombo, ndipo kuyambira 2016 njira yomweyi inatsegulidwa kwa aliyense. Lero munthu angathe kuyamba tsiku lomwelo.

Koma botolo asanalipereke pamakhala kucheza, ndipo zambiri zimakonzeka kapena kuonongeka pamenepo. Tiyerekeze mtsikana amene amagulitsa m'sitolo ndipo amakhala kwa azakhali ake. Amuyeza kawiri kuti atsimikize, ndipo tsopano wakhala moyang'anana ndi namwino, kabuku ka kuchipatala kali m'manja.

"Anesi, ine palibe pomwe pakundipweteka. Bwanji ndidikire kaye?"

"Achemwali, mwabwera nthawi yabwino chifukwa cha chomwecho. Kachilomboka sikadikira kuti mumve kupweteka. Kakuswana panopa, n'kumapha asilikali a m'thupi pang'onopang'ono, ngati chiswe chodya mtengo wa denga m'kati kunja kukuoneka kwabwino. Mankhwalawa sachiza, koma amaletsa kachilomboka kuswana. Mukayamba asilikali adakali ambiri, mukhala monga mulilimu, mudzigwira ntchito yanu."

Namwino wodziwa ntchito safulumira kutsegula kabati. Amayamba wafunsa: mukukhosomola? Mumatuluka thukuta usiku, kutentha thupi, kapena mwaonda? Mutu ukukupwetekani masiku ano? Mafunsowa si ongodzazira fomu. Chifuwa, thukuta ndi kuonda zingakhale zizindikiro za TB, imene iyenera kupezeka ndi kuyamba kuchizidwa. Funso la mutu ndiye lalikulu kwambiri. Mutu wosaleka, makamaka pamodzi ndi kuuma khosi kapena kusokonezeka maganizo, ungakhale matenda oumitsa khosi amene amagwira anthu amene chitetezo chawo chatsika kwambiri. Munthu wotere akayamba ma ARV nthawi yomweyo, chitetezo chimadzuka mwamphamvu n'kutupitsa ubongo, ndipo angafe. Ndiye amayamba wachizidwa matendawo, ma ARV n'kudikira milungu 4 mpaka 6. Amene amabisa mutu poopa kuti amuchedwetsa pamzere akudzipweteka yekha.

Mtsikana wathu alibe chilichonse mwa izi. Namwino atulutsa botolo. Ndi piritsi limodzi pa tsiku, lotchedwa TLD, lomwe zipatala za m'Malawi zinayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019. M'kati mwake muli mankhwala atatu: tenofoviya, lamivudini ndi dolutegiraviya.

"Ndinamva kuti amalotetsa zoopsa, mwinanso kupengetsa."

"Amenewo anali akale aja, amene ankachititsa chizungulire ndi maloto. Awa ena amawasowetsa tulo, ena mutu kapena nseru masabata oyamba, kenako zimatha. N'chifukwa chake timati muzimwa m'mawa. Thupi lingathenso kuwonjezera, tiziona pa sikelo. Koma mukaona maso achita chikasu, zilonda m'thupi kapena kusanza kosaleka, musadikire tsiku lanu, bwerani."

Apa namwino afunsa funso looneka laling'ono: m'mawa uliwonse mumachita chiyani chimene simuphonya? Mtsikanayo ayankha kuti amadzuka 5 koloko kukatereka madzi osamba anthu onse akadali m'tulo. Basi, nthawi ya piritsi yapezeka. Ineyo ndimaona kuti funso limeneli limaposa ulaliki wonse wa "muzimwa mokhulupirika", chifukwa munthu wobisa botolo m'nyumba ya eni sangamwe nthawi ya chakudya chamadzulo aliyense akumuyang'ana. Akaiwala n'kukumbukira masana, amwe pomwepo, mawa lake n'kubwerera ku nthawi yake. Asamwe awiri nthawi imodzi pofuna kulipira ngongole ya dzulo.

Pali chinthu china chimene chimakhudza amayi kwambiri koma chimaiwalika. Mapiritsi oonjezera magazi, a kashiamu ndi mankhwala ena a chilungulira amagwirana ndi dolutegiraviya m'mimba, moti sailola kulowa bwino m'magazi. Munthu amakhala akumwa tsiku lililonse koma mankhwala osagwira mokwanira. Njira yosavuta ndi kuwasiyanitsa: TLD m'mawa, oonjezera magazi madzulo. Amene akumwa mankhwala a TB okhala ndi rifampisini amapatsidwa piritsi lina la dolutegiraviya loti amwe patapita maola 12. N'chifukwa chake namwino afunsa ngati akumwa china chilichonse, kuphatikizapo zitsamba, komanso tsiku limene anasamba komaliza.

"Ndiye kuti sindidzabereka?"

"Mudzabereka, ndipo mudzayamwitsa. Mayi amene akumwa mankhwala bwino kuyambira asanatenge mimba, mwayi wopatsira mwana umakhala wochepa kwambiri. Mukadzafuna mimba mudzatiuze. Ngati simukufuna panopa, njira zolera zilipo pompano."

Mtsikanayo akhala chete, kenako atulutsa chimene chakhala chikumudya kuyambira pachiyambi: chibwenzi. Akamuuza amusiya, mwinanso amumenya. Namwino wabwino samukakamiza. Amafunsa kaye ngati mwamunayo anamuopsezapo kapena kumumenyapo. Ngati kuli nkhanza, kuulula kumayamba kwadikira. Ngati kulibe, njira zilipo zingapo: kubwera naye kuti ayezedwe limodzi, kumutengera kachipangizo kodziyezera yekha, kapena kulola achipatala amuitane osatchula dzina la mtsikanayo. Mwamunayo akapezeka alibe, pali mankhwala omuteteza otchedwa PrEP, komanso makondomu. Lamulo la za HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa wachipatala kuulula zotsatira za munthu mwachisawawa, choncho azakhali sadzamva kuchokera kwa namwino. Komabe namwino amupempha aganizire munthu mmodzi yekha, kaya mchemwali kaya mnzake wapamtima, amene angamukumbutse mankhwala ndi kudzamutengera akadwala.

Chomaliza ndi kuyeza magazi pakatha miyezi 6, kuti aone kuchuluka kwa tizilombo, kenako chaka ndi chaka. Apa ndi pomwe pamaonekera ngati zonse zikuyenda. Tizilombo tikapitirira 1,000, nthawi zambiri ndiye kuti mankhwala akuphonyedwa, ndipo amayamba ndi uphungu asanaganize zosintha mankhwala. Tikakhala pansi pa 200 kapena osaoneka n'komwe, munthuyo sapatsira mnzake pogonana malinga ngati akupitiriza kumwa. Koma zotsatira zabwino zomwezi zagwetsa ambiri. Wina akamva kuti "tizilombo sitikuoneka" amaganiza kuti wachira, kapena kuti mapemphero amuchiza, n'kutaya botolo. Kachilomboka kamakhala katabisala m'thupi, ndipo munthu akasiya mankhwala kamabwereranso m'milungu yochepa chabe. Pempherani, koma piritsi lija mumwe.

Mtsikanayo atuluka ndi botolo la mwezi umodzi, mapiritsi a bakitirimu omuteteza ku matenda ena, ndi tsiku lobwerera lolembedwa m'kabuku. Magazi akadzaoneka bwino, angathe kumalandira mankhwala a miyezi 6 nthawi imodzi. Ngati ndinu amene mwangoyamba kumene ndipo maliro kapena ntchito zakupititsani kutali, tengani kabuku kanu ndi botolo. Mankhwala akakuthererani komweko, pitani ku kiliniki ya ma ARV iliyonse mukafotokoze. Ndipo ngati munasiya kalekale, bwererani, sadzakubwezani pakhomo.